Tchati cha mapulayimu impulikanti: mukachotsa osasiyika, otsalawo musankhe bwanji?

Pofupikitsa fankishoni yotulutsa 0 kapena 1 kuti seketi yake ikhale ndi mageti ochepa, mapu a Karnaugh, amene anatuluka mu 1953, ndi abwino fankishoni ikakhala ndi zolowa zinayi kapena kucheperapo. Mabokosi amakhala 16, ndipo diso limaona lokha ma 1 amene ayandikana. Zolowa zikafika zisanu pamafunika mapu awiri, ndipo muyenera kumakumbukira kuti bokosi la pa mapu oyamba n'loyandikana ndi mnzake wa pamalo omwewo pa mapu achiwiri. Zikafika zisanu ndi chimodzi mapu amakhala anayi, mabokosi 64, ndipo munthu amayamba kuphonya magulu mosadziwa. Apa m'pamene pamabwera njira ya tebulo, imene Willard Quine anaiyamba mu 1952 ndipo Edward McCluskey anaikonza mu 1956. Sidalira diso ayi, imadalira kufananitsa manambala motsatira ndondomeko.

Njirayi ili ndi magawo awiri, ndipo kuvuta kwake n'kosiyana. Gawo loyamba, lopeza mapulayimu impulikanti onse, amene ndi magulu a ma 1 osatheka kuwakulitsanso, n'lotopetsa koma mulibe chosankha: aliyense wochita mosamala amapeza mndandanda umodzimodzi. Gawo lachiwiri, losankha ochepa okwanira kuphimba fankishoni yonse, ndiye pamene njira zimasiyana ndipo mayankho amasiyananso. Tiyerekeza njirazo pa fankishoni imodzi ya zolowa zisanu, A B C D E, pamene A ndiye biti yaikulu:

```
F = Σm(0,1,2,5,6,7,15,24,26,28,30,31)
```

## Gawo lopanda chosankha

Mintemu iliyonse, kutanthauza nambala ya zolowa pamene fankishoni imatulutsa 1, imalembedwa m'mabiti asanu, kenako imaikidwa m'gulu potengera kuchuluka kwa ma 1 ake.

```
0:  0=00000
1:  1=00001   2=00010
2:  5=00101   6=00110  24=11000
3:  7=00111  26=11010  28=11100
4: 15=01111  30=11110
5: 31=11111
```

Mamintemu awiri amaphatikizana akasiyana pa biti imodzi yokha, ndipo zimenezi zimatheka pakati pa magulu otsatizana basi. N'chifukwa chake timawagawa chonchi, kuti tisataye nthawi kufananitsa aliyense ndi aliyense. Pamalo posiyanapo timaikapo dashi. Mwachitsanzo `00001` ndi `00101` zimapereka `00-01`, kusonyeza kuti C alibe mphamvu pamenepo. Mintemu iliyonse yalowa m'chiphatikizo imachongedwa, koma kuchongedwako sikuiletsa kuphatikizananso ndi ina. Ambiri amaphonya pamenepa: akachonga 7 chifukwa cha 5, amaiwala kuti 7 yemweyo amagwirizananso ndi 6 komanso ndi 15.

Ena amafulumiza ntchito poyang'ana manambala wamba: kusiyana kukakhala 1, 2, 4, 8 kapena 16, amati awiriwo aphatikizana. Zimathandiza, koma pokhapokha nambala yaikuluyo ili m'gulu lotsatira. Onani 26 ndi 28. Amasiyana ndi 2, koma `11010` ndi `11100` zasiyana malo awiri, choncho saphatikizana.

Ulendo woyamba umapereka ziphatikizo 13. Ulendo wachiwiri timafananitsa zokhazo zimene dashi ili pamalo amodzi. Apa zinayi zokha n'zimene zikupitirira: `110-0` ndi `111-0` zikupereka `11--0`, ndipo `11-00` ndi `11-10` zikuperekanso `11--0`. Kubwereza kumeneku si vuto. Gulu lililonse la mamintemu anayi liyenera kutuluka kawiri, ndipo likatuluka kamodzi dziwani kuti pali chiphatikizo chimene mwachilumpha ulendo woyamba. Ndi njira yosavuta yodzifufuza nokha.

Chilichonse chotsala chosachongedwa ndi pulayimu impulikanti, kutanthauza temu yosatheka kuikulitsanso popanda kukhudza 0 wa fankishoni. Ife tapeza khumi, ndipo m'matemuwa A akutanthauza kuti biti A ndi 1, pamene A' akutanthauza kuti ndi 0.

```
P1  0000-  A'B'C'D'    P6  0011-  A'B'CD
P2  000-0  A'B'C'E'    P7  0-111  A'CDE
P3  00-01  A'B'D'E     P8  -1111  BCDE
P4  00-10  A'B'DE'     P9  1111-  ABCD
P5  001-1  A'B'CE      P10 11--0  ABE'
```

## Tchati, ndi osasiyika

Pa tchati, mzere uliwonse ndi pulayimu, kolamu iliyonse ndi mintemu, ndipo X akusonyeza kuti pulayimuyo ikuphimba mintemuyo.

```
      0  1  2  5  6  7 15 24 26 28 30 31
P1    X  X  .  .  .  .  .  .  .  .  .  .
P2    X  .  X  .  .  .  .  .  .  .  .  .
P3    .  X  .  X  .  .  .  .  .  .  .  .
P4    .  .  X  .  X  .  .  .  .  .  .  .
P5    .  .  .  X  .  X  .  .  .  .  .  .
P6    .  .  .  .  X  X  .  .  .  .  .  .
P7    .  .  .  .  .  X  X  .  .  .  .  .
P8    .  .  .  .  .  .  X  .  .  .  .  X
P9    .  .  .  .  .  .  .  .  .  .  X  X
P10   .  .  .  .  .  .  .  X  X  X  X  .
```

Tchatichi chimawerengedwa motsika ndi makolamu, osati motsata mizere. Fufuzani kolamu yokhala ndi X mmodzi yekha. Makolamu a 24, 26 ndi 28 ali choncho, ndipo onse akuloza kwa P10. Palibe pulayimu ina ingaphimbe 24, choncho P10 iyenera kupezeka m'yankho lililonse. Imeneyi ndiye pulayimu yosasiyika. Dziwani kuti chimaichititsa kukhala yosasiyika si kukula kwake. P10 yangopezeka kuti ndi yaikulu pano, koma temu ya mintemu imodzi yokha, imene yalephera kuphatikizana ndi ina iliyonse, ndi yosasiyikanso, pamene temu ya mamintemu asanu ndi atatu itha kusiyidwa ngati ena aiphimba yonse.

Mukatenga P10, fufutani mzere wake ndi makolamu onse amene ikuphimba, kuphatikizapo 30, ngakhale kuti 30 ili ndi ma X awiri. Patsala makolamu asanu ndi atatu ndi mizere isanu ndi inayi, ndipo palibenso kolamu ya X mmodzi. Mabuku ambiri amapereka zitsanzo zimene osasiyika amamaliza chilichonse, ndiye wophunzira amaganiza kuti zimathera pomwepo nthawi zonse. Pa fankishoni zazikulu sizichitika kawirikawiri.

## Kusankha ndi diso

Njira yoyamba kubwera m'maganizo ndi yongotola. Kolamu ya 31 ikufuna wophimba, titenge P9. Ya 15 ikufunanso, titenge P7, imene ikuphimbanso 7. Patsala 0, 1, 2, 5 ndi 6, ndipo P1, P4 ndi P3 zikumaliza. Yankho lili ndi matemu 6, ndi lolondola, komanso palibe temu imene mungachotse fankishoni osawonongeka: mukachotsa P1 ndiye 0 yatsala pambalambanda, mukachotsa P3 ndiye 5 yatsala. Ichi n'chimene chimapusitsa. Yankho limene simungachotsemo kanthu si kuti ndiye laling'ono koposa. Pansipa tipeza la matemu 5.

Kutola ndi diso kumakwanira patsala makolamu awiri kapena atatu. Kupitirira apo, mulibe chokutsimikizirani kuti mwafika pochepa penipeni.

## Kufufuta mizere yopambanidwa

Njira yachiwiri imachepetsa tchati popanda kuponya maere. Mzere umapambanidwa ngati makolamu onse otsala amene ukuphimba akuphimbidwanso ndi mzere wina wosaposa mtengo wake, kutanthauza kuchuluka kwa zilembo za temuyo. Titachotsa 30, P9 yatsala ndi 31 yokha, pamene P8 ili ndi 15 ndi 31, ndipo zonse zili ndi zilembo zinayi. Palibe chimene P9 ingachite chimene P8 singachite, choncho P9 ifufutidwe. Tsopano kolamu ya 31 ili ndi X mmodzi, ndipo P8 yasanduka yosasiyika, ngakhale kuti pa tchati choyamba sinali choncho. Tikaitenga, 15 ndi 31 zachoka. Pamenepo P7 yatsala ndi 7 yokha, imene P5 ikuiphimba pamodzi ndi 5, choncho nayonso ichoke. Mwaona kuti P9 ndi P7, zimene diso linatola zija, ndi zomwe zayamba kutayidwa.

Mawu akuti mtengo musawalumphe. Ngati mzere wophimba zambiriwo uli ndi zilembo zochuluka kuposa winayo, kufufuta wamng'onoyo kungakupatseni matemu ochepa ndithu koma mageti okhala ndi miyendo yambiri. Izi zimachitika tchati chikachepa: temu yaikulu ya zilembo ziwiri itha kutsala ndi kolamu imodzi, pamene ya zilembo zinayi yatsala ndi awiri.

Makolamu nawonso amafufutidwa, koma lamulo lake ndi lotembenuza, ndipo pano m'pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Pa mizere timasunga wa ma X ambiri. Pa makolamu timataya ya ma X ambiri. Titachotsa P9, kolamu ya 31 inali ndi P8 yokha, ya 15 inali ndi P7 ndi P8. Aliyense wophimba 31 waphimbanso 15, choncho ya 15 ndiyo yosafunika kuidera nkhawa. Mukafufuta ya 31 m'malo mwake, mutha kusankha P7 n'kutuluka ndi seketi yotulutsa 0 zolowa zonse zikakhala 1. Cholakwa chimenechi chimagwidwa pomaliza, mukamayesa mintemu iliyonse ya fankishoni yoyamba pa yankho lanu, ntchito yosayenera kuisiya ngakhale mutatopa bwanji.

Kufufuta kuli ndi malire awiri. Kumataya mayankho ena ofanana mtengo, choncho sikuthandiza ngati mukufuna kuona onse. Ndipo kumafika poima. Onani chatsala:

```
      0  1  2  5  6  7
P1    X  X  .  .  .  .
P2    X  .  X  .  .  .
P3    .  X  .  X  .  .
P4    .  .  X  .  X  .
P5    .  .  .  X  .  X
P6    .  .  .  .  X  X
```

Kolamu iliyonse ili ndi ma X awiri, mzere uliwonse uli ndi awiri, palibe wopambana mnzake. Mamintemuwa agwirana manja mozungulira, kuchokera pa 0 kupita pa 1, 5, 7, 6, 2 n'kubwereranso pa 0. Tchati chozungulira chotere chimafuna imodzi mwa njira ziwiri zotsatirazi.

## Kuyesa nthambi

Sankhani pulayimu imodzi, tinene P1, ndipo yesani mbali zonse ziwiri. Mbali yoyamba, P1 yalowa. Makolamu a 0 ndi 1 achoka, P2 yatsala ndi 2 yokha ndipo P4 yaipambana, P3 yatsala ndi 5 yokha ndipo P5 yaipambana. P4 ndi P5 zasanduka zosasiyika ndipo zamaliza zonse: matemu atatu. Mbali yachiwiri, P1 yakanidwa. Ndiye 0 ikudalira P2 yokha, 1 ikudalira P3 yokha, ndipo 6 ndi 7 zotsalazo P6 ikuziphimba limodzi: matemu atatunso.

Pogwira ntchito ndi pensulo ndimakonda njira imeneyi kuposa zonse, chifukwa chosankha chimodzi nthawi zambiri chimadula mkombero wonse ndipo kufufuta kumayambanso kugwira ntchito. Chofunika n'kuyesa mbali zonse ziwiri. Pano zafanana, koma pa tchati china mbali imodzi imatha kuposa inzake ndi temu yathunthu, ndipo woyesa imodzi yokha wabwerera ku kutola ndi diso kuja. Choipa chake n'chakuti nthambi itha kubalanso nthambi, mapepala n'kuchuluka.

## Njira ya Petrick

Stanley Petrick mu 1956 anaonetsa kuti tchati chokhacho chitha kulembedwa ngati fankishoni. Kuti 0 iphimbidwe pafunika P1 kapena P2, kuti 1 iphimbidwe pafunika P1 kapena P3, ndipo zonsezi ziyenera kuchitika pamodzi:

```
(P1+P2)(P1+P3)(P2+P4)(P4+P6)(P3+P5)(P5+P6)
= (P1+P2P3)(P4+P2P6)(P5+P3P6)
= P1P4P5 + P2P3P6 + P1P2P5P6 + P2P3P4P5 + P1P3P4P6
```

Mzere wachiwiri wachokera pa lamulo lakuti `(X+Y)(X+Z) = X+YZ`, ndipo n'chifukwa chake mabulaketi ogawana pulayimu aikidwa moyandikana. Pochulukitsa komaliza pamatuluka matemu asanu ndi atatu, koma atatu amamezedwa ndi `P2P3P6` potsatira `X+XY = X`. Temu iliyonse yotsala ndi njira imodzi yophimbira tchati popanda wongowonjezera. Ziwiri zili ndi mapulayimu atatu, zitatu zili ndi anayi. Timatenga zazifupi, ndipo zikafanana timawerenga zilembo.

Mphamvu ya Petrick ndi yakuti sasiya kanthu: amaonetsa mayankho onse, ndipo ndi umboni wakuti palibe lina lochepera. Mtengo wake ndi kuchulukitsa. Mabulaketi asanu ndi limodzi a zinthu ziwiriziwiri, mukawachulukitsa osameza, amapereka matemu 64. Tikanayamba Petrick titangochotsa P10, tisanafufute mizere, akanakhala 384, chifukwa mabulaketi akanakhala asanu ndi atatu, limodzi la zinthu zitatu. Choncho Petrick salowa m'malo mwa kufufuta, amabwera kufufuta kukalephera. Pamanja, ndikaona makolamu otsala akupitirira asanu ndi atatu, ndimasiya Petrick n'kuyesa nthambi. Koma amene akulemba pulogalamu yaing'ono apeza kuti Petrick ndi wosavuta kulemba, bola kumeza kuzichitika pa bulaketi iliyonse, osadikira kumapeto.

Mayankho athu ndi awiri:

```
F = ABE' + BCDE + A'B'C'D' + A'B'DE' + A'B'CE
F = ABE' + BCDE + A'B'C'E' + A'B'D'E + A'B'CD
```

Lililonse lili ndi matemu 5 ndi zilembo 19. Tikawerenga miyendo yonse yolowa m'mageti a AND ndi OR, ndi 24, pamene yankho la diso lija linali ndi 29. Pakati pa awiriwa alijebura ilibe chonena. Mungasankhe poona ngati temu ina ikupezeka kale pa chotuluka china cha seketi yomweyo, kuti geti limodzi ligwire ntchito ziwiri.

## Pamene zotuluka zilibe ntchito

Nthawi zina pamakhala zolowa zimene sizingachitike, ndipo chotuluka chake chitha kukhala 0 kapena 1. Zimenezi zimalowa nawo m'gawo loyamba ngati ma 1, kuti matemu akule, koma sizipatsidwa kolamu pa tchati, chifukwa palibe chotikakamiza kuziphimba. Wozipatsa kolamu amapezeka akutcha yosasiyika pulayimu yosafunika n'komwe.

Mphamvu yake ioneni pa chitsanzo chathu. Tinene 3 ndi yotere. Ndiye `000--`, `00--1` ndi `00-1-` zikubadwa, ndipo mapulayimu P1 mpaka P6 onse alowa m'zitatuzi. Pamenepo 0 ili mu yoyamba yokha, 5 mu yachiwiri yokha, 6 mu yachitatu yokha. Zonse zitatu n'zosasiyika, mkombero uja palibenso, ndipo zilembo zatsika kuchoka pa 12 kufika pa 9. Musanalimbane ndi tchati chozungulira, bwererani ku zimene seketi ikuyenera kuchita mukaone ngati pali zolowa zosatheka zimene munaziika ngati 0 mwachizolowezi.

## Pamene tebulo nalonso lachepa

Kompyuta imachita gawo loyamba mosatopa, koma manambala amakula mwachangu. Malo alionse atha kukhala 0, 1 kapena dashi, choncho matemu otheka ndi `3^n`: 243 pa zolowa 5, 59,049 pa zolowa 10, ndi oposa mabiliyoni atatu pa zolowa 20. Pali fankishoni zimene mapulayimu ake amachuluka pafupifupi ngati `3^n/n`. Kusankha ochepa ophimba tchati nakonso ndi mtundu wa vuto limene palibe njira yodziwika yolithetsera msanga nthawi zonse.

Pa zazikulu zotere anthu amagwiritsa ntchito Espresso, imene Robert Brayton ndi anzake anaipanga ku IBM ndi ku Berkeley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Siyamba n'kulemba mapulayimu onse. Imatenga matemu amene mwaipatsa n'kuwakulitsa (`EXPAND`), n'kutaya ongowonjezera (`IRREDUNDANT`), n'kuwachepetsanso (`REDUCE`) kuti ulendo wotsatira akulire mbali ina, n'kumabwereza mpaka mtengo utasiya kutsika. Kuchepetsako ndi kumene kumaithandiza kuchoka pa yankho longa la diso lija. Silonjeza kuti ifika pochepa penipeni, ngakhale kawirikawiri imafika kapena kuyandikira, ndipo imagwira zotuluka zambiri nthawi imodzi, chinthu chotopetsa kwambiri pa tebulo. Ngati umboni ndi wofunika ndipo fankishoni si yaikulu kwambiri, `espresso -Dexact` imapeza mapulayimu onse n'kuthetsa tchati mokwanira.

Njira zonsezi zikufunafuna chinthu chimodzi: mageti a AND olowa mu OR, ochepa koposa. Pali fankishoni zimene sizigwirizana ndi kamangidwe kotere. Yotulutsa 1 pamene ma 1 olowa ndi osagawika pawiri, pa zolowa zisanu ili ndi mamintemu 16 osaphatikizana ngakhale awiri. Onse ndi osasiyika, tchati chimatha msanga, koma yankho ndi matemu 16 a zilembo zisanu, pamene mageti anayi a XOR akanakwanira. Mukaona ulendo woyamba wa tebulo ukutha popanda chochonga, ganizirani XOR musanapitirire.

Komanso yankho lochepa koposa litha kuphethira. Pa yankho lathu loyamba, zolowa zikasintha kuchoka pa 0 kupita pa 2, D yekha ndiye wasintha, koma 1 wa chotuluka akuchoka kwa P1 kupita kwa P4. P1 ikazima P4 isanayake, chotuluka chimagwa pa 0 kwa kamphindi. Ngati chikukawerengedwa pokhapokha koloko ikagunda, zinthu zitakhazikika, palibe vuto. Koma ngati chikuyendetsa mwachindunji mwendo wofufuta kapena wa koloko wa chosungira biti, P2 iyenera kubwezedwa, chifukwa ikuphimba 0 ndi 2 limodzi, ndipo malo ena oyandikana otere ayeneranso kufufuzidwa pa mndandanda wa mapulayimu khumi uja.